Mtengo wa dola wa masiku 90 akubwerawa: banki imaupeza bwanji?

Funso: "Ndili ndi shopu ya mapampu a sola ku Malangalanga muno mu Lilongwe. Ndaitanitsa katundu wa madola 40,000 ndipo wondigulitsayo wandipatsa masiku 90 kuti ndilipire. Kubanki dola lero ili pa K1,750, koma nditapempha kuti tigwirizane mtengo pasadakhale, anandiuza K1,880. K130 yapamwambayi ikuchokera kuti? Kapena akudziwa kale kuti kwacha igwa? Ndisaine?"

Mayi, mtengo umene akupatsaniwo si ulosi, ndipo wogwira ntchito kubankiyo sakudziwa tsiku limene kwacha idzachepetsedwe mphamvu kuposa mmene inu mukudziwira. Mgwirizano wotere, umene kubanki amautcha fowadi, mtengo wake umachokera pa zinthu zitatu zimene zikudziwika lero lomwe: mtengo wa dola wa lero, chiwongoladzanja cha kwacha, ndi chiwongoladzanja cha dola. Gawo lalikulu la K130 ija tingathe kuliwerengera pa pepala, ndipo gawo lotsalalo ndi limene muyenera kukafunsa bwino musanasaine.

Taganizani za banki imene yakulonjezani madola 40,000 pakatha masiku 90 pa mtengo wokhazikika. Banki yosamala siingakhale manja lende kudikira tsikulo, chifukwa kwacha ikagwa pakatipa ndiyo idzalipire kusiyanako kuchokera m'thumba mwake. Chimene imachita ndi kugula madolawo lero lomwe n'kuwasunga mpaka tsiku lanu litakwana. Koma kuti igule lero ikufunika makwacha, pomwe inu makwacha anu mudzapereka patsogolo, ndiye kuti kwa masiku 90 onsewo banki ikhala itakuikirani ndalama zake, kaya zobwereka kwa ena kaya zimene ikanabwereketsa n'kupindula nazo. Mbali inayi, madola amene yagulawo sakhala chigonere, chifukwa nawo amabala chiwongoladzanja pang'ono kumene asungidwa. Choncho mtengo wa patsogolo ndi mtengo wa lero, kuwonjezerapo chiwongoladzanja cha kwacha chimene banki yataya, kuchotsapo chiwongoladzanja cha dola chimene yapeza.

Manambala a chiwongoladzanja amene ndigwiritse ntchito apa ndi achitsanzo chabe, ndipo inu mudzaikepo amene banki yanu idzakuuzeni. Tinene kuti kwacha ikubala 24 peresenti pachaka, dola ikubala 5 peresenti pachaka. Pa masiku 90, madola amakula ndi 1.25 peresenti, popeza pamsika wa dola chaka amachiwerenga ngati masiku 360 ndipo masiku 90 ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Izi zikutanthauza kuti banki siyenera kugula madola 40,000 onse lero. Ikagula madola 39,506 ndi masenti 17 n'kuwasungitsa, adzakwana okha 40,000 pa tsiku lolipira. Pa K1,750, madola amenewa akudya K69,135,802. Makwacha amenewa akakhala kunja masiku 90 pa 24 peresenti, powerenga chaka cha masiku 365, chiwongoladzanja chake ndi K4,091,324, ndipo zonse pamodzi zikukwana pafupifupi K73,227,000. Mukagawa ndalama imeneyi ndi 40,000 mupeza K1,830.68 pa dola iliyonse. Umenewu ndiwo mtengo umene banki ingakupatseni popanda kupindula kapena kuluza.

Njira yonseyi imalembedwa mwachidule chonchi, pomwe `F` ndi mtengo wa patsogolo, `S` mtengo wa lero, `k` chiwongoladzanja cha kwacha, `d` cha dola, ndipo `n` ndi masiku:

```
F = S × (1 + k × n/365) / (1 + d × n/360)
F = 1750 × 1.059178 / 1.0125 = 1830.68
```

Pali zolakwa ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri anthu akamawerengera okha. Ena amaiwala kuti chiwongoladzanja ndi cha pachaka, n'kuchulukitsa 1,750 ndi 1.24 kenako kugawa ndi 1.05, ndipo amapeza K2,067, umene ndi mtengo wa miyezi 12 osati itatu. Ena amatembenuza, kuika dola pamwamba kwacha pansi, n'kupeza mtengo wochepera K1,750. Mukaona yankho lanu latsika pansi pa mtengo wa lero, dziwani kuti mwasokoneza, chifukwa ndalama imene ili ndi chiwongoladzanja chachikulu, imene kwa ife ndi kwacha, ndiyo imaoneka yofooka pa mtengo wa patsogolo.

Mwina mungafunse kuti n'chiyani chimakakamiza mabanki kutsata masamu amenewa. Pamsika pomwe ndalama zimagulidwa ndi kugulitsidwa momasuka, wina akaika mtengo wa fowadi pa K1,900, mnzake amabwereka makwacha, kugula madola lero, kuwasungitsa, n'kulonjeza kuwagulitsa pa K1,900, ndipo amapeza K69 pa dola iliyonse popanda chiopsezo. Anthu ambiri akathamangira phindu limeneli, mtengo umatsika wokha kubwerera ku K1,830. Mfundo imeneyi ndi yakale ndithu, ndipo katswiri wa zachuma wa ku Britain, John Maynard Keynes, anaifotokoza kale mu 1923. Koma onani kuti yonse yatsamira pa chinthu chimodzi, chakuti aliyense amene ali ndi makwacha angathe kulowa m'banki n'kutuluka ndi madola pa mtengo wolembedwa pa bolodi. Inu amene mumachita bizinesi muno mu Lilongwe mukudziwa kuti pempho la madola limatha kukhala pamzere kwa masabata, makamaka msika wa fodya wa ku Kanengo ukatsekedwa, pomwe dziko likuitanitsa feteleza ndi mafuta koma madola olowa achepa. Apa ndi pamene K49 yotsala ija, kusiyana kwa K1,880 ndi K1,831, iyenera kuunikidwa. Pa madola 40,000 ndi ndalama pafupifupi K1,973,000, si yoti n'kungoinyalanyaza.

K49 imeneyi ingachokere kuwiri. Koyamba, mwina banki ikukuwerengerani chiwongoladzanja cha kwacha chokwera kuposa 24 peresenti, chifukwa kwa iyo fowadi ili ngati ngongole: inu mukadzalephera kubweretsa makwacha pa tsikulo, iyo idzatsala ndi madola amene iyenera kugulitsa pa mtengo umene udzakhalepo. Mukatembenuza masamu aja kuti muone chiwongoladzanja chimene chikubisala mu K1,880, mupeza kuti ndi pafupifupi 35.6 peresenti pachaka. Kwachiwiri, mwina chiwongoladzanja ndi 24 peresenti yomweyo, koma banki madolawo siikuwapeza pa K1,750; ikuwapeza modula kwa ogulitsa katundu kunja amene ali nawo, ndiye mtengo wa lero umene yayambira kuwerengera ndi wina. Mukabwerera m'mbuyo kuchokera pa K1,880, mtengo woyambirawo ukhala pafupifupi K1,797.

Pali njira yosavuta yosiyanitsira ziwirizi, ndipo siifuna kukangana ndi munthu. Pemphani banki yomweyo, tsiku lomwelo, kuti ikupatseninso mtengo wa masiku 30. Chiwongoladzanja chimakula ndi masiku, choncho ngati K130 yonse ndi ya chiwongoladzanja, mtengo wa masiku 30 ukhala pafupi ndi K1,794, kutanthauza kuti zowonjezera zatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma akakuuzani pafupifupi K1,825, ndiye kuti muli ndalama ina ya K47 kapena K48 imene siisintha kaya masiku achuluke kaya achepe, ndipo imeneyo si chiwongoladzanja ayi, ndi mtengo wa kusowa kwa madola. Kudziwa zimenezi kumasintha zokambirana. Ngati vuto ndi chiwongoladzanja, mungathe kuchitsitsa popereka chikole kapena poonetsa mbiri yabwino ya akaunti yanu. Ngati vuto ndi kusowa kwa madola, chikole sichithandiza kwenikweni, ndipo chimene mungachite ndi kufunsa mabanki ena awiri kapena atatu tsiku lomwelo, chifukwa banki imene ili ndi makasitomala ambiri a fodya, tiyi kapena shuga nthawi zina imakhala ndi madola pomwe inzake ilibe.

Tsopano funso lakuti K1,880 ndi yodula kapena ayi silingayankhidwe poiyerekeza ndi K1,750, ndipo apa ndi pamene amalonda ambiri amadzinamiza. K1,750 ndi mtengo wa munthu amene ali ndi makwacha m'manja lero ndipo banki yamupezera madola lero. Choyenera kuyerekeza nacho ndi ndalama imene inuyo mungawononge mutafuna kudziteteza nokha, ndiye kuti kulipira wogulitsayo lero m'malo modikira. Ngati K70 miliyoni imeneyo mungaitenge pangongole ya 32 peresenti, ndipo wogulitsayo sakuchotserani kanthu chifukwa cholipira msanga, dola iliyonse ikudyerani K1,888 pofika tsiku la 90, ndiye kuti K1,880 ya banki ndi yotsikirako pang'ono. Koma ngati ndalamazo muli nazo kale, zili mu akaunti imene ikukupatsani 15 peresenti, kulipira lero kukutayitsani chiwongoladzanja chimenecho chokha, ndipo dola ikhala pafupifupi K1,815. Zikatero fowadi ndi yodula kwa inu ndi K65 pa dola, malinga ngati banki ingakupezereni madolawo lero ndi kuvomereza kulipira katundu asanafike, chifukwa malamulo a ndalama zakunja amafuna zikalata zotsimikizira kuti katunduyo alipodi ndipo adzalowa m'dziko. Mtengo umodzimodziwo ungakhale wabwino kwa mnzanu wa shopu yoyandikana nanu n'kukhala woipa kwa inu, malinga ndi kumene aliyense akutenga makwacha.

Za kugwa kwa kwacha, mbiri yathu yomwe ikuonetsa kuti fowadi siilosera kanthu. Mu Meyi 2022 Banki Yaikulu inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 mtengo wa dola unachoka pafupifupi K1,180 kufika K1,700 tsiku limodzi, chimene chinalengezedwa ngati 44 peresenti. Munthu amene anali ndi invoisi ngati yanuyi anagona ali ndi ngongole ya K47.2 miliyoni, n'kudzuka ili K68 miliyoni. Masamu a chiwongoladzanja a miyezi itatu akanangowonjezera 4 kapena 5 peresenti pa mtengo wa nthawiyo, kutali kwambiri ndi zimene zinachitika. Kenako kuyambira mu Malichi 2024 mtengo wa kubanki unakhazikika pafupi ndi K1,750 kwa miyezi yambiri osasuntha, ndipo amene anagula fowadi m'miyezi imeneyo analipira zowonjezera pomwe mtengo wa pa bolodi sunasinthe. Kwacha yathu siiyenda pang'onopang'ono ngati mmene masamu ajambulira. Imaima nthawi yaitali, kenako n'kudumpha kamodzi. N'chifukwa chake ine ndimaona K5.2 miliyoni yowonjezera pa invoisi yanu ngati ndalama ya inshuwalansi, imene mwina mudzaione ngati yotayika, yotetezera ku chinthu chimene chikachitika chingadye K20 miliyoni kapena kuposa.

Kuti inshuwalansi imeneyi ikuyenereni kapena ayi zimadalira mapampuwo mwawagulitsa kale kapena ayi. Ngati munasainirana kale ndi bungwe lina la ulimi wothirira kuti mudzapereka mapampu pa mtengo wokhazikika wa makwacha, kwacha ikagwa mulibe pothawira, ndipo ine ndingakulangizeni kutseka mtengo ngakhale pa K1,880, bola phindu lanu likhalepobe mukawerengera katunduyo pa mtengo umenewu. Koma ngati mapampuwo akukhala pashelefu n'kumagulidwa imodziimodzi, kwacha ikagwa anzanu onse a ku Malangalanga adzakweza mitengo ndipo inunso mudzakweza, kotero katunduyo payekha akukutetezani pang'ono. Zikatero n'zomveka kutseka theka la invoisi, madola 20,000, kapena gawo lofanana ndi mapampu amene mukuyembekezera kugulitsa tsiku lolipira lisanafike, popeza amenewo ndi amene mudzakhale mutawasandutsa kale makwacha pa mtengo wakale.

Musanasaine, werengani bwino zimene pepalalo likunena za makwacha amene banki ikufuna lero, chifukwa apa mtengo weniweni umatha kubisala. Masamu onse aja aima pa mfundo yakuti inu mudzalipira pa tsiku la 90, ndipo n'chifukwa chake banki ikukulipiritsani chiwongoladzanja. Ikanena kuti muike K75.2 miliyoni yonse lero mu akaunti yotsekedwa imene siibala kanthu, ndiye kuti madola aja yagula ndi ndalama zanu zomwe koma ikukulipiritsanibe ngati yagula ndi zake. Pa 15 peresenti imene mukanapeza, mwataya K2.78 miliyoni ina, ndipo dola yafika pafupifupi K1,950 ngakhale pepala likunena K1,880. Kupempha chikole pang'ono, monga gawo limodzi mwa magawo khumi, si kwachilendo ayi, koma funsani kuti chikolecho chizibala chiwongoladzanja chotani, ndipo chikakhala chachikulu pemphani kuti mtengo wa fowadi utsike molingana.

Funsaninso, ndipo yankho likhale lolembedwa, ngati pa tsikulo banki idzatumizadi madola 40,000 ku akaunti ya wogulitsayo, kapena idzangokupatsani kusiyana kwa mitengo mu makwacha. Mitundu iwiri yonseyi ilipo padziko lapansi. Wachiwiriwu umakutetezani ku kukwera kwa mtengo wa pa bolodi koma umakusiyani pamzere womwe uja, pomwe wokugulitsaniyo sakufuna makwacha. Kwa wamalonda wa kuno, lonjezo lakuti madola adzapezeka pa tsiku lake nthawi zambiri ndi lofunika kuposa mtengowo, ndipo ngati K49 ija ikugula lonjezo limeneli molembedwa, limodzi ndi chimene banki idzachite ikachedwa, ine sindingaione ngati yodula.

Dziwani kuti mgwirizanowu umamanga mbali zonse ziwiri. Tsiku likakwana muyenera kubweretsa K75.2 miliyoni, kaya dola pa bolodi ili K1,750 kaya K2,500, kaya mapampu agulidwa kaya ali m'nyumba yosungiramo katundu. Ndinaonapo wamalonda wina amene kontena yake inachedwa padoko la Beira kwa masabata asanu, tsiku la fowadi n'kukwana katundu asanafike, iye alibe makwacha chifukwa sanagulitse kanthu. Banki inavomera kusuntha tsikulo, koma inawerengeranso mtengo pa masiku owonjezerawo, ndipo pa manambala athu aja mwezi uliwonse umawonjezera pafupifupi K27 pa dola, ndiye kuti ndalama yoposa K1 miliyoni pa invoisi ngati yanu. Choncho onani bwino pa invoisi ngati masiku 90 akuyambira tsiku limene inalembedwa kapena tsiku limene katundu anakwezedwa m'sitima, chifukwa masiku awiriwa amatha kusiyana ndi masabata angapo. Ngati tsiku silikudziwika bwinobwino, funsani ngati banki ingakupatseni mpata wa masiku, mwachitsanzo kuyambira tsiku la 80 mpaka la 110, oti mutengemo madolawo tsiku lililonse; mtengo wake amauwerengera pa tsiku lomaliza, koma umakupulumutsani ku zilango za kusuntha.

Pali gawo limodzi la ndalama zanu limene fowadi siilikhudza. Msonkho wa pachipata umawerengedwa pa mtengo wa katundu atausandutsa makwacha pa mtengo wa dola umene MRA ikugwiritsa ntchito nthawi imene katunduyo akuomboledwa, osati pa K1,880 yanu. Ndalama za sitima ndi za thiraki yochokera kudoko, ngati zili m'madola ndipo sizili pa invoisiyi, nazonso zili kunja kwa mgwirizano. Mukamaika mtengo wa pampu iliyonse, werengerani madola 40,000 pa K1,880, kenako muike padera zimenezi podziwa kuti zingakwere kwacha ikagwa katundu ali m'njira. Ndipo mukabwerera kubankiko, pitani ndi invoisi, kalata ya wogulitsa yoonetsa tsiku lolipira, ndi pepala limene mwalembapo K1,831, kenako pemphani kuti akuuzeni mtengo wa lero ndi ziwongoladzanja ziwiri zimene iwo agwiritsa ntchito kuti afike pa K1,880.